Fomu ya Pafoni Isakudyereni Ndalama ndi Dzina

Ana anga a pa Likoma ndi pa Chizumulu, inu amene mwalemba mayeso a Fomu 4 ndipo mukudikira kuti moyo uyambe, tcherani khutu. Ndikufuna tikambirane za masamba a pa intaneti amene amafika m'mafoni mwanu atavala dzina la boma, la yunivesite kapena la bungwe lothandiza anthu, n'kumati lembetsani ntchito pano, lembetsani sukulu pano. Ena mwa masambawa ndi enieni. Ena ndi misampha. A msamphawo amafuna zinthu ziwiri basi: ndalama zanu ndi dzina lanu. Ndalama ikapita, mudzapeza ina. Dzina likapita, limakagwira ntchito zoipa kumene inu simunapondeko.

Ife a pachilumba vutoli limatipeza mosavuta kuposa anzathu a kumtunda. Mwana wa ku Mzuzu akakayikira, amangoyenda wapansi kukafunsa ku ofesi. Inu kuti mukafunse muyenera kudikira tsiku la Ilala kapena kukwera boti, kuwoloka mpaka ku Nkhata Bay, kukwera minibasi, kupeza pogona ndi chakudya. Ndiye tsamba likati lipirani K10,000 kuti fomu yanu ilandiridwe, mumawerengera mumtima n'kuona kuti ndalamayo ndi yochepa poyerekeza ndi ya ulendo. Mumalipira. Wakuba sapempha zambiri poyamba. Amapempha ndalama imene munthu sangaiwolokere nyanja kuti akaifunse.

Zimene ndikukuuzanizi sindinaziwerenge m'buku. Ndinazilipirira.

Mwana wanga wamkazi atakhoza mayeso a MSCE anakhala pakhomo nthawi yaitali, kuthandiza mayi ake kuyanika usipa. Tsiku lina linki inafika m'gulu lathu la mpingo, yotumizidwa ndi munthu amene ndimamulemekeza. Inanena kuti bungwe lina likufuna achinyamata ochita kalembera m'maboma onse, ndipo kulembetsa kutsekedwa mawa lake. Tsambalo linali lokongola, chizindikiro cha bungwe pamwamba, mbendera ya dziko pambali, ndipo m'munsi munali mawu a anthu othokoza kuti ntchito aipeza kale. Mwana wanga anati, “Bambo, bwanji tifunse kaye aphunzitsi aakulu?” Ine ndinati nthawi yatha. Ndinamukhazika pansi, ndipo tinalemba dzina lake, tsiku lobadwa, nambala ya foni ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Tinajambula chiphasocho kutsogolo ndi kumbuyo n'kutumiza.

Tisanapume n'komwe, tsamba linatiyamikira kuti mwanayo wasankhidwa. Linati titumize K12,000 yoyendetsera fomu. Ndinatumiza. M'mawa mwake munthu wa mawu aulemu anaimba foni, akumutchula mwana wanga mayina ake onse, n'kunena kuti patsala K35,000 ya yunifolomu ndi yopimitsa kuchipatala. Ndinakakongola kwa mnzanga wa pa doko n'kutumiza. Kenako anaimbanso nati, “Mulandira manambala 6 pa foni, mutiwerengere kuti titsimikize kuti nambalayi ndi yanu.” Tinawerenga. Manambala amenewo anali kiyi wa WhatsApp ya mwana wanga. Pofika madzulo, abale athu a ku Joni ndi ku Lilongwe anali kulandira mauthenga a m'dzina lake, ndi chithunzi chake, onena kuti ine ndagonekedwa m'chipatala ndipo pakufunika ndalama mwamsanga. Amalume ake anatumiza.

Mtengo wake sunathere pa K47,000. Ngongole ija ndinaibweza movutika. Linki ija ndinali nditaitumizanso kwa anansi, ndipo mayi wina wamasiye anamulipirira mwana wake chifukwa choti yachokera kwa ine. Ndinamubwezera ndalama yake, koma manyazi sabwezeka. Chondipweteka koposa n'chakuti mwana wanga anayamba kuopa fomu iliyonse. Mwayi weniweni wa sukulu utalengezedwa, iye anaukana, ndipo chaka chinamudutsa. Anandichenjeza ndi mwana. Amene sanamve ndi ine, bambo wake. Safunsa anadya phula.

Tsopano mverani zimene ndikanayenera kuyang'ana. Ndi zitatu: adiresi ya tsamba, dzina la wolandira ndalama, ndi zimene fomu ikupempha.

Yambani ndi adiresi. Musayambe ndi chizindikiro, musayambe ndi mbendera, musayambe ndi Chingerezi chosalala. Zonsezo munthu amakopera pa tsamba lenileni m'kanthawi kochepa. Ngakhale kachithunzi kamene kamaoneka pansi pa linki mu WhatsApp amakasankha ndi mwini tsambayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene wakuba sangabe ndi adiresi yeniyeni. Angathe kungoiyerekeza. Adiresi imakhala pa kamzere ka pamwamba penipeni, ndipo foni imaidula chifukwa cha kuchepa kwa malo. Dinani pa kamzereko kuti muione yonse. Taonani ziwiri izi. Yoyamba ndi ya bungwe la NCHE, limene limayendetsa zosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma. Yachiwiri ndapeka ine kuti muone mmene amachitira.

```
https://www.nche.ac.mw/
https://nche.ac.mw.lembetsani-pano.xyz/
```

Kawerengedwe kake n'kotere. Dumphani `https://` wa poyambayo. Yendetsani chala mpaka pa kachizindikiro `/` koyamba kukumana nako. Imani pamenepo, ndipo werengani chobwerera m'mbuyo. Mwini tsamba ndi mawu amene ali kumapetoko. Adiresi yoyamba ikuthera pa `nche.ac.mw`, ndiye mwini wake ndi NCHE. Yachiwiri ikuthera pa `lembetsani-pano.xyz`, ndiye mwini wake ndi amene anagula dzina limenelo, ndipo atha kukhala aliyense, kulikonse. Dzina la NCHE waliika kutsogolo kuti diso lanu likhutire lisanafike kumapeto. Aliyense amene ali ndi adiresi yake atha kulemba mawu alionse kutsogolo kwake. Khotekhote ngwa njoka, tsatani kumene kwaloza mutu.

Dziwaninso mathero ozolowereka a kwathu kuno. Masamba a maunduna a boma amathera pa `.gov.mw`. Mayunivesite a boma amathera pa `.ac.mw`, monga `mzuni.ac.mw` ya ku Mzuzu ndi `unima.ac.mw` ya ku Zomba. Bungwe la mayeso la MANEB lili pa `maneb.edu.mw`, ndipo loyendetsa zisankho la MEC lili pa `mec.org.mw`. Tsamba likamati ndi la unduna koma likuthera pa `blogspot.com`, dziwani kuti lamangidwa pa malo aulere amene aliyense amatsegulapo tsamba lake. Linki ikayamba ndi `bit.ly` kapena `tinyurl.com`, ndiye kuti yafupikitsidwa ndipo ikubisa kumene ikupita. Ikayamba ndi `forms.gle`, ndi fomu ya Google imene ngakhale mwana wa pulayimale angapange. Mabungwe ena ang'onoang'ono enieni amaigwiritsadi ntchito, koma fomu yotere siinena mwini wake, choncho musaikemo chiphaso musanatsimikize kwina.

Pali kachizindikiro ka loko kamene kamaoneka pafupi ndi adiresi m'mafoni ena. Ambiri amati kakakhalapo ndiye kuti tsamba ndi labwino. Ayi. Lokoyo amangotanthauza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa ndi munthu wina panjira. Sanena ngati wozilandira kutsidyako ndi wolungama. Akuba nawonso ali ndi maloko, ndipo amawapeza mwaulere.

Komabe musadalire mathero okha, chifukwa makampani ndi mabungwe ambiri enieni ali pa `.com` kapena `.org`. Lamulo losalephera ndi ili: musalowere pa linki imene mwachita kutumiziridwa. Ndibwerezanso. Musalowere pa linki imene mwachita kutumiziridwa, ngakhale atatumiza ndi abusa, ngakhale ndi amalume, ngakhale ndi ine. Wokutumiziraniyo akhoza kukhala wokukondani amene wanamizidwa yekha. Pezani adiresi ya bungwelo panokha, kuchokera pa chilengezo cha m'nyuzipepala, pa kalata yawo kapena pa chikwangwani cha ofesi, ndipo muilembe ndi zala zanu. Mukafika pa tsamba lawo, funani chilengezo cha ntchitoyo. Ngati palibe, ndiye kuti ntchitoyo kulibe. Mukamafufuza pa Google, samalani ndi zotsatira za pamwamba zolembedwa `Sponsored`, chifukwa malo amenewo amachita kugula.

Chachiwiri ndi ndalama. Apa siyanitsani ntchito ndi sukulu. Ntchito sagula. Wolemba ntchito ndiye amalipira wantchito. Ndalama ya fomu, ya intaviyu, ya yunifolomu, yosungitsa malo, zonsezo zikatchulidwa musanayambe ntchito, tsekani tsambalo. Bungwe la United Nations, limene akuba amakonda kubwereka dzina lake, limalemba poyera m'zilengezo zake kuti silandira ndalama iliyonse pa sitepe ina iliyonse yolemba anthu ntchito. Sukulu n'zosiyana. Makoleji ndi mayunivesite amalipiritsadi ndalama ya fomu, koma kuchuluka kwake ndi njira yolipirira zimalembedwa m'chilengezo chawo, ndalamayo imalowa mu akaunti ya dzina la sukulu kapena la bungwe, ndipo mumatsala ndi lisiti.

Choncho funso si lakuti kodi akupempha ndalama. Funso n'lakuti ndalamayo ikupita kwa yani. Mukamatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, foni imakuonetsani dzina la wolandira. Liwerengeni musanalembe nambala yanu yachinsinsi. Ine dzinalo ndinaliona. Linali la munthu wamba, osati la bungwe. Ndinadziuza kuti mwina ndi msungichuma wawo. Palibe unduna, palibe yunivesite, palibe bungwe lalikulu limene limasonkhetsa ndalama za fomu pa nambala ya munthu. Chenjeraninso akakupatsani nambala ya ejenti n'kukuuzani kuti mutsate njira yotapira ndalama. Mukatero simukulipira bungwe lililonse. Mukutapa ndalama zanu n'kuzisiya m'manja mwa munthu amene waima pa ejenti wakutali.

Onaninso mmene ndalamazo zimakwerera. Yoyamba imakhala yaing'ono. Mukailipira, yachiwiri imakula, chifukwa akudziwa kuti simungafune kutaya yoyamba ija. Yachitatu imakula koposa. Nthawi iliyonse amati iyi ndi yomaliza. Yomaliza kulibe. Ngati mwalipira kale kamodzi, imani pomwepo. Kutumiza ina sikubweza yoyamba.

Chachitatu ndi zimene fomu ikupempha. Masamba ena safuna ndalama n'komwe, ndipo amenewo ndiwo amakugonekani tulo. Mumati popeza n'zaulere palibe chimene nditaye. Mukutaya dzina. Chiphaso cha unzika chimene Amalawi tinayamba kulembetsa m'kalembera wa NRB mu 2017 ndicho chimatsegula zitseko zambiri masiku ano. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse imayenera kulembetsedwa m'dzina la munthu, ndipo chiphasocho chimafunikanso ku banki. Munthu amene ali ndi chithunzi cha chiphaso chanu, tsiku lanu lobadwa ndi nambala yanu ya foni angayese kudzitcha inu. Angayese kulembetsa nambala yoberera anthu m'dzina lanu. Angayese kutengetsa nambala yanu pa simukhadi ina kuti mauthenga ndi ndalama zanu zizipita kwa iye. Akalephera zonsezo, amakuimbirani akukutchulani mayina onse ndi mudzi wanu, kaya ndi Mbamba, kaya Makulawe, kaya Nkhwazi, ndipo inu mumakhulupirira kuti ndi wa ku ofesi. Mwaiwala kuti munamuuza nokha.

Fomu yeniyeni ya sukulu kapena ya ntchito ingathe kupempha nambala ya chiphaso ndi makope a satifiketi. Zimenezo perekani, koma mutatsimikiza adiresi. Pali zina zimene fomu yeniyeni siipempha ngakhale tsiku limodzi: nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money, nambala yachinsinsi ya khadi la ku banki, mawu achinsinsi a Facebook kapena imelo, ndi manambala amene amabwera pa uthenga wa foni. Manambala a pa uthengawo ndi anu nokha. Wina akati muwerengereni, ndiye kuti waima pa khomo lanu ndipo akupempha kiyi. Musawerenge. Ngakhale atati ndi wa kampani ya foni, musawerenge. Ngakhale atakuopsezani kuti malo anu apatsa wina, musawerenge. Dulani foni.

Pali njira ina yosavuta yoyesera tsamba limene likukukayikitsani. Lembanimo zabodza zokhazokha. Dzina lembani Mwala Mchenga, zaka lembani 3, maphunziro lembani kuti palibe. Musaike nambala yanu yeniyeni. Tsamba likakuyamikirani kuti mwasankhidwa, mwaligwira. Palibe bungwe limene limasankha munthu m'mphindi imodzi, asanaonane naye, asanawerenge satifiketi yake. Likakuuzani kuti mutumize linkiyo ku magulu 5 kapena kwa anzanu 15 kuti mupitirize, mwaligwiranso. Ntchito yeniyeni siikukakamizani kuitana opikisana nanu. Mawu othokoza a m'munsi aja yesani kudinapo. Kawirikawiri satseguka, chifukwa ndi chithunzi chabe chimene mwini tsamba analemba yekha. Koma kumbukirani kuti tsamba likapambana mayeso amenewa sindiye kuti ndi lenileni. Mayesowa amagwira wakuba waulesi. Wochenjera amagwidwa ndi adiresi ndi dzina la wolandira ndalama.

Dziwaninso nyengo zawo. Akuba sapeka nkhani yatsopano. Amatsatira nkhani yoona imene ili m'kamwa mwa anthu. Zotsatira za MSCE zikatuluka, yembekezerani masamba a malo a sukulu ndi a thandizo la fizi. Asilikali kapena apolisi akalengeza kuti akulemba anthu, chenjerani. Chaka cha zisankho, monga cha 2025, mabungwe amafunadi antchito a kanthawi, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israeli kukagwira ntchito m'minda, ndipo dziko lonse linamva. Nkhani zotere zikamveka, mtima wa wachinyamata aliyense umati nanenso. Pamenepo ndi pamene wakuba amayatsa nyali yake. Inu ana a m'nyanja mukudziwa chimene chimachitikira usipa ukathamangira kuwala usiku, pamene chilimira chili kale m'madzi.

Chida chawo chachikulu ndi changu. Kutseka mawa. Malo atsala 10. Lipirani pasanathe ola. Amakuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa. Chilengezo chenicheni chimapereka masiku okwanira, chimatchula tsiku lotsekera, malo a ofesi ndi njira yofunsira, ndipo nthawi zambiri chimamvekanso pa wailesi kapena kuoneka m'nyuzipepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo kufunsa sikufuna kuwoloka nyanja nthawi zonse, monga ine ndinadzinamizira. Pachilumba pompano pali ofesi ya DC. Pali aphunzitsi aakulu a ku sekondale amene amalandira zilengezo za maphunziro. Pali apolisi. Muli ndi abale ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene angakuyendereni ku ofesi. Mungathenso kuimba foni ku bungwelo, koma nambala yake muitenge kwina, osati pa tsamba limene mukulikayikiralo. Mukaimba ya pa tsambalo, wakuba yemweyo ndiye ayankhe, ndipo akuuzani kuti zonse zili bwino.

Nanga ngati mwagwamo kale? Musabise. Manyazi ndiwo amapatsa wakuba nthawi. Imbirani kampani yanu ya foni nthawi yomweyo, chifukwa mwayi woimitsa ndalama umakhalapo pokhapokha zisanatapidwe, ndipo akuba sachedwa kutapa. Musafufute uthenga wotsimikizira kuti ndalama yapita, popeza muli nambala ya katumizidweko, dzina la wolandira ndi nthawi. Jambulani tsambalo ndi adiresi yake lisanazimitsidwe. Sinthani nambala zanu zachinsinsi. Pitani ku polisi mukalembetse, makamaka ngati munatumiza chithunzi cha chiphaso, kuti pakhale umboni wa tsiku limene chinalowa m'manja olakwika. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2016 lolanga milandu ya pa intaneti, ndipo bungwe la MACRA limalandira madandaulo okhudza mafoni. Bungwe lomweli linanenapo kuti Amalawi amaberedwa pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'ndalama za pafoni. Simuli nokha, ndipo simuli oyamba. Foni ikangosiya kugwira netiweki pamene a anzanu akugwira, musadikire, funsani ku kampani ngati nambala yanu yatengedwa. Ndipo lero lomwe, zisanachitike, lowani mu WhatsApp pa `Settings`, kenako `Account`, muyatse `Two-step verification`, kuti wokuberani manambala aja apeze loko wachiwiri.

Chomaliza, bwererani ku gulu kumene linki ija inachokera ndi kwa onse amene munawatumizira, muwauze mosabisa kuti ndi yabodza. Zimawawa. Ine zinandiwawa. Koma mukakhala chete, mwana wa mnansi wanu alipira mawa.

Sindikuti muziopa mafomu. Mwana wanga anaopa, ndipo mantha anamudyera chaka chimene akuba sanamubere. Sukulu zambiri ndi ntchito zambiri masiku ano zimalembetsadi pa intaneti, ndipo kwa ife a pachilumba imeneyo ndi njira yabwino yofikira kumene kale kunkafuna ulendo wa masiku. Lembetsani. Lembetsani kwambiri. Koma adiresi muilembe nokha ndi kuiwerenga kuchokera kumapeto. Dzina la wolandira ndalama muliwerenge musanadine. Manambala achinsinsi musauze munthu. Ndipo wamkulu akakufulumizitsani, ngakhale ndi kholo lanu, muuzeni mwaulemu kuti, “Bambo, tifunse kaye,” ndipo musasunthe mpaka mutafunsa.